Ndabweza miyezi iwiri pakamodzi, nanga K14,590 yotsalayi yachokera kuti?

Zikomo bambo mlangizi. Ndine mayi wa ku Kawale, ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Tsoka. Pa 28 Ogasiti ndinatenga ngongole ya K1,000,000 ku bungwe lina lobwereketsa ndalama, yobweza miyezi 12, K106,552 pa 28 mwezi uliwonse. Miyezi inayi ndinabweza bwinobwino, koma mu Januwale ndinalephera chifukwa cha fizi ya ana. Pa 28 Febuluwale ndinapereka K213,104, ya miyezi iwiri. Tsopano akuti ndikadali ndi K14,590 yotsalira. Papepala langa palembedwa kuti chiwongoladzanja ndi 4 peresenti pamwezi pa ndalama yotsala, chindapusa chochedwera ndi K5,000, ndiye pali china cha 5 peresenti pamwezi pa ndalama yochedwa. Kodi akundibera? Ndingoisiya, ndizingopitiriza ya mwezi ndi mwezi?

Mayi, khazikani mtima pansi. Ndawerengera potsatira zomwe mwalemba, ndipo ndalama akutchulayo ikutuluka ndendende, mpaka pa kwacha yomaliza. Palibe wakusowetsani ndalama, zonse munapereka zinalowa m'buku. Izi sizikutanthauza kuti mgwirizano wanuwo ndi wokoma, ndipo pali kachidutswa kamodzi komwe muli ndi ufulu wokafunsa. Koma funso lanu lachiwiri lija, loti mungoisiya, ndilo landidetsa nkhawa kwambiri. Musaisiye. Pa zaka zomwe ndinagwira ntchito yoyang'anira ngongole kuno ku Lilongwe, anthu amene ndinawaona akulira pamapeto sanali olumpha miyezi itatu ayi, amenewo ankadziwa kale kuti zinthu zavuta. Olira anali anthu okhulupirika ngati inu, osiya kandalama kochepa kumbuyo n'kumabweza mwezi ndi mwezi ali ndi mtima woyera.

Tiyambe ndi K106,552 ija. Ndalama imeneyi sisintha, koma m'kati mwake muli zinthu ziwiri zomwe zimasintha mwezi uliwonse. China ndi chiwongoladzanja, china ndi chidutswa cha ngongole yeniyeniyo, yomwe pano ndiziitcha thunthu. Mwezi woyamba munali ndi miliyoni yonse m'manja, choncho 4 peresenti yake inali K40,000, ndipo K66,552 yokha ndiyo inadula thunthu. Mwezi wachiwiri thunthu linali litachepa, chiwongoladzanja chinatsika kufika pa K37,338, gawo lodula thunthu n'kukula. Zinapitirira chonchi mpaka mutapereka ya Disembala, pomwe thunthu linatsala K717,389.

Ya Januwale yomwe munalumpha inayenera kugawika chonchi: K28,696 chiwongoladzanja, K77,856 thunthu. Ndondomeko yomwe anakupatsani tsiku lotenga ndalama ija inalembedwa poganiza kuti pa 28 Januwale thunthu litsika ndi K77,856. Chiwongoladzanja cha Febuluwale, K25,581, anachiwerengera pa thunthu lotsikalo. Koma thunthulo silinatsike. Ndalama ija inakhala kwa inu mwezi wina wathunthu, ndipo kwa wobwereketsa ndalama ili kwa inu imakhala ikubereka tsiku lililonse, kaya munaiika mu belo kaya munalipirira fizi. Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonekera. Amaganiza kuti mwezi wolumphidwa umangoima n'kumadikira mwini wake monga katundu wosungitsa, pamene ndondomeko yonse imakhala yasuntha.

Tsopano tiing'ambe K14,590 ija. Ili ndi zidutswa zinayi.

Choyamba ndi K5,000 ya chindapusa chochedwera. Imeneyi ilibe masamu, imagwa kamodzi tsiku likangodutsa, kaya mwachedwa tsiku limodzi kaya masiku 29. Mabungwe ena amasiya masiku atatu kapena asanu asanaigwetse, ena amaigwetsa m'mawa mwake. Zimatengera zomwe munasainira.

Chachiwiri ndi chiwongoladzanja cha chilango, 5 peresenti ija. Aiwerengera pa gawo lonse la Januwale, K106,552, kwa mwezi umodzi, ndipo yatuluka K5,328. Chachitatu ndi chiwongoladzanja cha nthawi zonse, 4 peresenti, pa thunthu lomwe silinabwerere, K77,856, chomwe ndi K3,114. Ambiri amadabwa kuti bwanji 4 peresenti ikulowanso pomwe pali kale 5 peresenti. M'migwirizano yambiri ya chilango ija simalowa m'malo mwa inzake, imakwera pamwamba pake. Choncho ndalama yochedwa imabereka 9 peresenti pamwezi, osati 5. K3,114 imeneyi ine sindiitcha chilango n'komwe, ndi mtengo wa kukhala ndi ndalama ya eni ake mwezi wowonjezera, ndipo ngakhale atakukhululukirani zina zonse imeneyi kawirikawiri imatsala.

Zitatuzi zikaphatikizidwa zikukwana K13,442. Pakutsala K1,148. Nditaifufuza ndapeza kuti ndi 4 peresenti ya K28,696, kutanthauza kuti chiwongoladzanja cha Januwale chomwe simunapereke achisandutsa ngongole, nachonso chayamba kubereka. Mwana wabereka mdzukulu. Ichi ndicho chidutswa ndimanena chija. Si mgwirizano uliwonse umalola zimenezi. Kawerengeni pepala lanu, kapena auzeni akulozereni ndi chala ndime yomwe ikuti chiwongoladzanja chosaperekedwa chidzaphatikizidwa ku thunthu. Ngati ndimeyo ilipo, munavomera. Ngati palibe, pemphani kuti K1,148 ichotsedwe. Ndi ndalama yochepa lero, koma kwa munthu amene wachedwa miyezi isanu ndi umodzi kachidutswa kameneka kamatupa.

Pali chinthu chimodzi chomwe mwachita nacho mwayi. Papepala panu palembedwa kuti 5 peresenti ikhale pa ndalama yochedwa. Ndinaonapo migwirizano ina yomwe imaika chilango pa thunthu lonse lotsala. Kwa inu zikanatanthauza 5 peresenti ya K717,389, yomwe ndi K35,869 pamwezi umodzi, m'malo mwa K5,328. Peresenti ndi yomweyo, kusiyana kuli pa mawu awiri atatu okha a m'ndime imodzi. Nthawi ina mukamadzatenga ngongole, musadzangofunsa kuti chilango ndi maperesenti angati. Mudzafunse kuti akuwerengera pa chiyani, komanso ngati ndi pa tsiku, pamwezi kapena pachaka.

Tsopano ku nkhani yaikulu, yomwe ndikufuna muimvetse kuposa zonse. Inu mukuona ngati munamaliza Januwale ndi Febuluwale, chatsala ndi chindapusa chabe, chomwe mungathe kudzakambirana pamapeto. M'kompyuta mwawo sizili choncho. Ndalama ikalowa, kawirikawiri sapita nayo komwe woperekayo akufuna. Ili ndi mzere wake: imayamba yalipira zindapusa, kenako chiwongoladzanja, chotsala ndicho chimadula thunthu. Pa K213,104 yanu, K10,328 inapita ku zilango ziwiri zija. K58,539 inapita ku chiwongoladzanja chonse, cha Januwale, cha Febuluwale ndi zowonjezera zija. Inatsala K144,237, pamene thunthu la miyezi iwiriyo limafuna K158,827. Kuperewera kwake ndi K14,590.

Mukuona tsono? Zindapusa munalipira kale, osadziwa. Chomwe chatsala ndi thunthu la Febuluwale. M'buku mwawo simuli munthu wokhala ndi chindapusa chosalipira, muli munthu amene sanakwanitse gawo la Febuluwale, ndiye kuti mukadali wochedwa. Ndipo wochedwa amagwetseredwa K5,000 ina.

Tiyerekeze kuti mwaisiya, pa 28 Malichi mwapereka K106,552 yanu monga mwa nthawi zonse. K14,590 ija idzakhala itabereka K584 ya chiwongoladzanja ndi K730 ya chilango, kuphatikizapo K5,000 yatsopano. Zimenezi zidzayamba kudya pa ndalama ya Malichi, ndipo ya Malichi idzaperewera ndi K20,904. Mu Epulo kuperewerako kudzafika pa K27,785, mu Meyi K35,286. Pofika pa 28 Ogasiti, tsiku lomwe mukuyembekeza kupuma, mudzauzidwa kuti mwatsala ndi ndalama yoposa K62,000, chonsecho kuchokera Febuluwale simunaphonyepo tsiku ndi limodzi lomwe. Mwa ndalama imeneyo, K30,000 idzakhala ya zindapusa za K5,000 zokhazokha. Ndikunena izi poganiza kuti bungwe lanu limagwetsa chindapusa mwezi uliwonse womwe gawo laperewera, monga ambiri amachitira. Alipo ena amagwetsa kamodzi pa kulumpha kumodzi, choncho kafunseni, koma musadalire mwayi umenewo musanauone polembedwa.

Ndikukumbuka bambo wina wopala matabwa ku Mchesi amene anabwera pa desiki yanga ndi envulopu yodzaza malisiti, onse osanjidwa bwino ndi kachingwe. Anachedwa kamodzi kokha, mwezi wachiwiri, pa ngongole ya miyezi 18. Analipira gawo lake patatha sabata ziwiri, chindapusa anachikana chifukwa ankati sanalakwe, amene anamuchedwetsa ndi kasitomala. Palibe anamufotokozera za mzere wa ndalama uja, ndipo ine ndimavomereza kuti mbali ina cholakwa chinali cha ife a mu ofesi, chifukwa mauthenga a pafoni omwe tinkatumiza ankangoti muli ndi ndalama yotsalira, osanena kuti ikukula bwanji. Tsiku lomwe anabwera kudzatenga kalata ya makina ake omwe anaika chikole, anapeza ngongole yoposa theka la gawo la mwezi. Mkulu uja anakhala pampando nthawi yaitali osayankhula. Tinamuchotsera zina, koma osati zonse.

Chinthu china choti mudziwe n'chakuti mabungwe ambiri amawerengera pa tsiku, ngakhale papepala alembe za pamwezi. Pa gawo lanu la Januwale, chilango chinkakwera pafupifupi K178 patsiku, chiwongoladzanja K142, zonse pamodzi K320 dzuwa lililonse likalowa. Mukanapeza ndalama ija patatha masiku 10, mukanawonjezera K8,200 m'malo mwa K14,590. Izi zikutanthauza kuti kudikira tsiku la 28 lotsatira kuti mukapereke zonse pamodzi kunalibe phindu. Munthu ukachedwa, tsiku lobweza ndi tsiku lomwe wagwira ndalama, ngakhale ikhale theka. Mukanapereka K50,000 pa 5 Febuluwale, chilango cha masiku otsalawo chikanawerengedwa pa ndalama yocheperapo. Anthu ena amachita manyazi kupita ndi ndalama yosakwana, ena amaopa kukalipidwa. Kompyuta ilibe nazo ntchito za manyazi, imangoona tsiku ndi ndalama.

Mukadzayerekeza masamu angawa ndi sitetimenti yawo n'kupeza kusiyana kwa makwacha ochepa mwezi wina, musathamangire kuganiza zachinyengo. Ena amatenga mwezi uliwonse ngati masiku 30, ena amagawa chiwongoladzanja cha pachaka ndi masiku 365 n'kuchulukitsa ndi masiku enieni. Kuchokera pa 28 Januwale kufika pa 28 Febuluwale pali masiku 31, ndiye mwa njira yachiwiriyi K4,262 ya chiwongoladzanja chowonjezera chija, K3,114 ndi K1,148 pamodzi, ikanakhala K4,344. Bungwe lanu likuoneka kuti limatsata njira yoyamba. Kusiyana kwa K80 kapena K100 n'kwa mtundu umenewu. Kusiyana kwa masauzande ndiko kofunika kufunsa.

Nanga muchite chiyani? Ngati mungathe kuipeza K14,590 sabata ino, kaperekeni, ndipo nkhani yatha. Musanapereke afunseni kuti ndalama yothetsera kutsalira konse lero ndi zingati, chifukwa pofika tsikulo idzakhala itakwerako ndi K44 patsiku, ndipo mwina K5,000 ya Febuluwale yagwa kale. Ndaonapo munthu akupereka ndalama yomwe anauzidwa Lolemba pa tsiku Lachisanu, n'kutsala ndi K200, yomwe inadzamukokera chindapusa chathunthu. Mukapereka, pemphani sitetimenti yatsopano, muone pomwe palembedwa `Arrears`, kutanthauza ndalama yotsalira, kuti pali 0. Lisiti imangosonyeza kuti munapereka, sisonyeza kuti mwamaliza.

Musanatulutse ndalamayo, yesani kupempha. Zindapusa ziwiri zija, K10,328, manijala wa nthambi nthawi zambiri amakhala ndi mphamvu yozichotsa kapena kuzichepetsa, kapena amadziwa woti amulembere. Inu muli ndi nkhani yabwino: miyezi inayi yosaphonya, kulumpha kamodzi, kenako munabwera nokha ndi ndalama ya miyezi iwiri osachita kukulondolani. Lembani kakalata kakafupi, m'Chichewa momwemu, konena zimenezi, ndipo musunge kope yodindidwa. Pempho la munthu amene wagwira ndalama m'manja, akunena kuti mukandichotsera chakutichakuti ndimaliza pompano, limamveka msanga kusiyana ndi la munthu wongodandaula. Musakapemphe kwa mnyamata woyenda m'misika yekha. Iye akhoza kukuuzani kuti musadandaule mayi tikonza, koma mawu apakamwa salowa m'kompyuta.

Ngati K14,590 palibiretu, pali njira yoti aiphatikize ku thunthu n'kuigawa pa miyezi isanu ndi umodzi yotsalayo. Pa 4 peresenti, gawo lanu lingakwere ndi K2,783, kufika pa K109,335, ndipo pamapeto mungapereke pafupifupi K16,700 m'malo mwa K62,000 ija. Ubwino wake waukulu ndi woti mumachoka m'gulu la ochedwa, chilango n'kuima. Koma funsani ngati pali ndalama yolipira pokonzanso mgwirizano, chifukwa mabungwe ena amadula, ndipo pa kandalama kochepa chonchi mtengowo ukhoza kuposa phindu lake. Onetsetsaninso kuti akupatsani ndondomeko yatsopano yolembedwa, yosonyeza mwezi uliwonse, osati kungokuuzani nambala.

Pamenepa ndionjezepo za kukonzanso ngongole, chifukwa anthu amakutenga ngati chifundo chaulere, pamene nakonso kuli ndi mtengo. Tinene kuti munapita ku ofesi pa 20 Januwale, tsiku lisanakwane, n'kunena kuti mwezi uno sindikwanitsa. Akanatha kutenga thunthu la K717,389, kuwonjezerapo chiwongoladzanja cha Januwale, kukhala K746,085, n'kuligawanso. Akanaligawa pa miyezi isanu ndi iwiri kuti mumalizebe mu Ogasiti, gawo likanakhala K124,305, ndipo zonse pamodzi mukanawonjezera pafupifupi K17,700. Akanatalikitsa ndi mwezi umodzi kuti mumalize mu Seputembala, gawo likanakhala K110,814, lopepukirapo, koma chowonjezera chonse chikanafika pa K34,000. Yerekezani ndi K14,590 yanu. Kulumpha mwezi umodzi n'kubweza zonse mwezi wotsatira, ngakhale ndi zindapusa zomwe, kwakutsikirani mtengo kuposa njira ziwiri zonsezo. Chifukwa chake n'chosavuta: ndalama ya Januwale inu mwaisunga mwezi umodzi wokha, pamene pokonzanso mukanaisunga pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Choncho ine ndimati kukonzanso ndi kwa munthu amene bizinesi yake yatsikadi ndipo sangathenso gawo lakale, osati kwa amene wangopunthwa mwezi umodzi. Chomwe mukanapindula popita msanga ndi china: mwina akanakusunthirani tsiku osagwetsa chindapusa, ndipo dzina lanu silikanalowa pa mndandanda wa ochedwa.

Mndandanda umenewo si nkhani yaing'ono. M'mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono, ngongole ikadutsa masiku 30 ili yochedwa imalowa m'gulu lomwe akuluakulu amaliyang'anitsitsa, ndipo ndi pomwe mafoni amachuluka. Ikafika masiku 90 imatengedwa ngati ngongole yoipa. M'migwirizano yambiri muli ndime yoti zikafika poipa wobwereketsa akhoza kuitanitsa thunthu lonse nthawi imodzi, osadikira Ogasiti, kenako n'kutembenukira kwa mboni yanu kapena ku chikole. Kuchokera pomwe lamulo la 2010 linalola kuti pakhale mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu m'dziko muno, kabwezedwe kanu kamatumizidwa kumeneko, ndipo banki kapena bungwe lina mukadzapitako limatha kuona. Inu kandalama kakang'ono kaja kakamangogubuduzika mwezi ndi mwezi, masiku ake mwina sangafike 90, chifukwa ndalama yatsopano imayamba yatseka bowo lakale. Koma mbiri yanu idzaonetsa munthu wochedwa miyezi isanu ndi iwiri yotsatizana. Tsiku lomwe mudzafune K2,000,000 yoti mukaode mabelo ambiri nyengo yozizira isanafike, wowerenga mbiriyo sadzadziwa kuti zonsezi zinayamba ndi fizi ya Januwale.

Chimodzi chokha ndikuletseni: musakatenge katapila kuti mutseke bowo limeneli. Wa katapila amene amafuna theka lina pamwamba pakutha pa mwezi akudyerani K7,295 pa K14,590, kuposa zomwe bungwelo lingakudyereni mwezi umenewo. Ngati muli m'banki m'khonde, kumeneko n'kwabwinoko, bola mukhale ndi chitsimikizo kuti mubweza pa mkumano wotsatira. Apo ayi tsitsani mtengo wa zovala zomwe zakhalitsa pa benchi, muzichotse. Kutaya K3,000 pa majekete asanu n'kopepuka poyerekeza ndi K5,000 mwezi uliwonse.

Owerenga ena ali ndi ngongole za mtundu wina, zomwe chiwongoladzanja chake amachiwerengera pa ndalama yonse yoyamba kuchokera mwezi woyamba mpaka womaliza. Mungaizindikire poyang'ana ndondomeko: ngati chiwongoladzanja chili chimodzimodzi mwezi uliwonse osatsika, ndi imeneyo. Pa ngongole yotere kulumpha mwezi nthawi zambiri sikusintha chiwongoladzanja cha m'ndondomeko, kumangobweretsa zindapusa, koma mzere wa ndalama uja ndi womwewo, ndipo bowo limagubuduzika chimodzimodzi. Amene ali ndi ngongole za kubanki zomwe chiwongoladzanja chake chimayendera mlingo womwe mabanki amalengeza mwezi ndi mwezi asamale kusiyanitsa zinthu ziwiri: gawo likhoza kukwera chifukwa mlingowo wakwera, osati chifukwa cha kuchedwa. Sitetimenti yabwino imasonyeza ziwirizi padera.

Palinso kuchedwa komwe munthu sakudziwa n'komwe. Wina amatumiza pa foni usiku wa pa 28, ndalama n'kukaonekera kwa eni ake pa 29. Wina amaiwala kulemba nambala ya ngongole, ndalama n'kukhala pambali sabata yathunthu osalowa mu akaunti yake. Wina amatumiza K106,552 yeniyeni osaganizira kuti pena pamadulidwa ya katumizidwe, n'kufika yoperewera ndi makwacha ochepa. Ogwira ntchito amene amadulidwa ndi banki amagwa m'mbuna ina: malipiro akachedwa, banki imayesa kudula n'kupeza mulibe kanthu, ndipo ena amalipiritsa pa kulephera kumeneko, kuwonjezera pa chindapusa cha wobwereketsa. Pa 28 pakagwera Loweruka kapena Lamulungu, funsani ngati amawerengera Lachisanu kapena Lolemba. Ine ndimauza aliyense kuti tsiku lake lenileni lobweza ndi masiku awiri tsiku la papepala lisanafike. Inu amene ndalama yanu imalowa tsiku ndi tsiku mumsika, funsani ngati amalola kupereka pang'onopang'ono m'kati mwa mwezi, monga K27,000 pasabata. Ndalama yosungidwa m'chitenje mpaka pa 28 imakumana ndi maliro, matenda ndi alendo.

Nthawi yofunika kupita patsogolo ndi iyi. Ngati akukana kukupatsani sitetimenti yosonyeza tsiku ndi kagawidwe ka ndalama iliyonse yomwe munapereka, ngati pali chindapusa chomwe sichikupezeka m'pepala lomwe munasaina, ngati akuwerengera chilango pa thunthu lonse pomwe pepala likuti pa ndalama yochedwa, kapena ngati malisiti anu ena sakuoneka m'buku mwawo, lembani dandaulo kwa manijala, musunge kope. Akapanda kuyankha kapena yankho lake likapanda kumveka, pitani nalo ku Banki Yaikulu ya Malawi, yomwe likulu lake lili konkuno ku Lilongwe. Gavanala wa bankiyi ndiye mlembi wa mabungwe a zachuma, ndipo mabungwe obwereketsa ndalama okhala ndi chiphaso ali pansi pake motsatira malamulo a 2010. Kumeneko amalandira madandaulo a makasitomala, koma adzakufunsani ngati munayamba mwadandaula kwa eni ake, n'chifukwa chake kope ija ili yofunika. Zikafika poti abwera kudzanyamula katundu kunyumba, kapena mwalandira masamoni a kukhoti, musadikirenso: onanani ndi loya kapena a ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, ndipo masamoni musawabise pansi pa mphasa, chifukwa munthu akapanda kupita kukhoti mlandu umagamulidwa iye kulibe.

Inu simunafike kumeneko, ndipo simukuyenera kufikako. Mawa m'mawa, musanatsegule benchi, tengani pepala la mgwirizano, ndondomeko ija, malisiti onse asanu ndi ndalama yomwe mungakwanitse. Mukafunse zinthu zitatu: ndime ya K1,148, ngati K5,000 ya Febuluwale yagwa kale, ndi ndalama yothetsera zonse tsiku lomwelo. Akakuyankhani, auzeni alembe nambalayo kuseri kwa lisiti ndi tsiku lake, asaine.